Gemu Yaulere M'foni ya Mayi: Kodi Ikutenga Chiyani kwa Mwana?

Gemu ya mpikisano wa magalimoto siifuna zambiri kuti iyende. Imafuna chala cha mwana pa sikirini ndi malo pang'ono m'foni, basi. Ndiye mukaona gemu yotere ikupempha kudziwa pamene foni ili, kapena kuona manambala a anthu amene munasunga, dziwani kuti pempholo silikukhudza kuthamanga kwa galimotozo. Kawirikawiri limakhala la ena amene abisala m'kati mwa gemuyo.

Enawo ndi makampani otsatsa malonda. Wopanga gemu yaulere amadyera pa zotsatsa zimene zimatulukira mwana akamaliza gawo lina kapena galimoto yake ikagubuduzika. Iye salemba yekha pulogalamu yoonetsa zotsatsazo. Amatenga tizigawo topangidwa kale ndi makampani monga AdMob ya Google, Unity Ads kapena AppLovin, n'kutilowetsa m'gemu yake. Tizigawoti timatchedwa SDK, ndipo gemu imodzi imatha kukhala nato tambirimbiri. Vuto lake ndi lakuti foni siisiyanitsa gemu ndi tizigawo take. Mukalola gemu kudziwa pamene muli, mwalolanso tizigawo tonse tili m'menemo, monga mmene zimakhalira mukapatsa kiyi mlendi mmodzi osadziwa kuti usiku amagona ndi anzake asanu m'chipindamo.

Zimenezi zinaonekera poyera ku America mu 2018. Akatswiri ena a ku Berkeley anayesa mapulogalamu a ana aulere okwana 5,855 a pa Android, kuwatsegula mmodzimmodzi n'kumaona zimene akutumiza pa intaneti. Anapeza kuti oposa theka akuoneka kuti akuphwanya lamulo la dzikolo lotchedwa COPPA, limene linakhazikitsidwa mu 1998 ndipo limaletsa kutolera zambiri za mwana wosakwana zaka 13 makolo ake asanavomere. Chaka chomwecho mkulu wa zamalamulo m'boma la New Mexico anasumira kampani ya ku Lithuania yotchedwa Tiny Lab Productions, eni ake a gemu ya Fun Kid Racing, pamodzi ndi makampani otsatsa malonda amene tizigawo tawo tinali m'magemu ake. Dandaulo linali lakuti magemuwo amatumiza malo enieni amene mwana ali. Kampaniyo inadziteteza ponena kuti magemu ake ndi a banja lonse, osati a ana okha, ndipo amafunsa chaka chobadwa asanayambe kutolera kanthu. Koma ndi mwana uti wa zaka zisanu ndi chimodzi amene amaima n'kuwerenga funso lotere? Amangodina pamene chala chagwera kuti galimoto inyamuke.

Tsono tiyerekeze kuti mwana wanu waika gemu yonga imeneyi m'foni yanu ya Android. Tsegulani Settings, pitani pa Apps, pezani dzina la gemuyo, kenako dinani Permissions. Mafoni a Tecno, Itel ndi Samsung amasiyana pang'ono katchulidwe ka malowa, koma njira yake ndi yomweyo. Muona magulu awiri: zimene gemu yaloledwa ndi zimene sinaloledwe. Tinene kuti pa zololedwa mwapeza Location, Microphone ndi Contacts. Pa chilichonse dzifunseni funso limodzi: kodi m'gemumu muli chiyani chimene sichingatheke popanda chilolezo chimenechi? Gemu imene mwana amalankhula chidole n'kumubwereza mawu imafunadi Microphone. Gemu yoyenda nayo panja kufunafuna zinthu pa mapu, monga Pokémon GO, imafunadi Location. Gemu ya magalimoto, ya kupenta zithunzi kapena ya kuphika makeke ilibe chifukwa chofunira chilichonse mwa zitatuzi.

Dinani chilichonse n'kusankha Don't allow, kenako tsegulani gemuyo muisewere nokha mphindi zingapo. Magemu ambiri amayenda bwinobwino ngati palibe chimene chachitika, ndipo umenewo ndiwo umboni wakuti chilolezocho sichinali cha gemu. Ikakana kutseguka mpaka mutailola kuona Contacts, ine ndinganene kuti ichotseni, magemu a magalimoto alipo ambirimbiri. Pamene chilolezo chikufunikadi, sankhani Allow only while using the app kuti chigwire ntchito gemu ikakhala yotsegula pokha, ndipo pa Location zimitsani Use precise location kuti gemu idziwe dera lokha, osati khomo lanu. Mafoni a Android 12 kupita m'tsogolo ali ndi Privacy dashboard, imene imaonetsa mapulogalamu amene agwiritsa ntchito kamera, maikolofoni ndi malo m'maola 24 apitawo, ndi nthawi yake yomwe. Amaonetsanso kadontho kobiriwira pakona ya sikirini kamera kapena maikolofoni ikayaka. Kadonthoka kakamawala mwana akungoyendetsa galimoto, pamenepo pali nkhani.

Apa ndi pamene makolo ambiri amapumira, poganiza kuti ntchito yatha. Sinathe. Zambiri zimene gemu imatumiza sizidutsa pa tsamba la Permissions n'komwe. Kulowa pa intaneti si chinthu chimene Android imakufunsani. Pulogalamu iliyonse imene yachifuna imapatsidwa poiika. Ndiye ngakhale mutakana zonse, gemu ikhoza kutumizabe mtundu wa foni yanu, chilankhulo chimene munaitchera, kampani ya netiweki imene mumagwiritsa ntchito, adiresi ya IP imene imasonyeza dziko ndipo nthawi zina mzinda, nthawi imene mwana amasewera, gawo limene amagonjera, ndi zotsatsa zimene amadina. Ena amafika pozembera chilolezo chimene mwakana. Mu 2016 bungwe la boma la America loteteza ogula la FTC linalipiritsa kampani yotsatsa malonda ya InMobi madola 950,000 chifukwa inkadziwa pamene anthu ali poona ma Wi-Fi oyandikana ndi foni, ngakhale anthuwo atakana kupereka malo awo, ndipo ina mwa mapulogalamuwo inali ya ana. Android inakhwimitsa mbali imeneyi pambuyo pake, koma mafoni akale akadali m'manja mwa anthu.

Chimene chimamanga tinthu tonseti pamodzi ndi nambala yaitali yotchedwa Advertising ID. Foni iliyonse ya Android yokhala ndi mapulogalamu a Google ili nayo yakeyake, ndipo mapulogalamu a m'fonimo amawerenga nambala yomweyo. Gemu ya magalimoto ikatumiza nambalayi, gemu ya kupenta n'kutumizanso, pulogalamu ya nkhani imene mayi amawerenga n'kutero, kampani imene ili ndi kachigawo kake mu zonse zitatu imadziwa kuti ndi foni imodzi. Dzina la mwana siilidziwa, komanso siilifuna. Ikudziwa kuti pa foni iyi pali wina amene amasewera masana sukulu ikaweruka, ndi wina amene amawerenga usiku. M'mabanja ambiri kuno kwathu mwana alibe foni yake, amabwereka ya mayi kapena ya bambo, choncho mbiri ya mwana ndi ya kholo zimasakanikirana. N'chifukwa chake mwana amatha kuona zotsatsa za juga kapena za ngongole pakati pa gemu ya zidole: kwa wotsatsayo foniyo ndi ya munthu wamkulu.

Nambalayi ingathe kufufutidwa. Pitani pa Settings, kenako Google, pezani Ads, n'kudina Delete advertising ID. M'mafoni ena Ads ili pansi pa Privacy. Mukatero, pulogalamu yofunsa nambalayi imalandira maziro okhaokha. Zotsatsa sizitha ayi, zimabwerabe, koma zimavuta kuzilumikiza ndi zimene foniyo inachita kale. Pa iPhone, kuyambira mu 2021 pulogalamu imayenera kupempha kaye isanakutsatireni, ndipo mukazimitsa Allow Apps to Request to Track pansi pa Tracking, mwakaniratu zonse kamodzi.

Gemu yotsatira muiyang'ane isanalowe m'foni. Pa tsamba lake mu Play Store pali gawo lotchedwa Data safety, limene linayamba mu 2022. Limanena zimene gemu imatolera, zimene imagawira makampani ena, komanso ngati mungapemphe kuti zifufutidwe. Mzere wofunika kuuyang'ana ndi Device or other IDs, chifukwa nambala ija imagwera m'menemo. Koma gawoli amalemba ndi mwini gemu yekha. Bungwe la Mozilla litayerekeza mu 2023 zolembedwa m'gawoli ndi mfundo zachinsinsi za mapulogalamu 40 otchuka, linapeza kusagwirizana pa mapulogalamu pafupifupi 80 pa 100 alionse. Choncho gemu ikavomera kuti imagawa malo anu, ikhulupirireni. Ikanena kuti siitolera chilichonse pamene ili ndi chizindikiro cha Contains ads, musafulumire kukhulupirira. Magemu okhala ndi chizindikiro cha Teacher Approved amakhala pansi pa malamulo okhwimirapo a Google okhudza ana, ndipo ndi poyambira pabwinopo.

Gemu ikafunsa zaka, mwana alembe zenizeni. Ana amaphunzitsana kulemba chaka chabodza poopa kutsekeredwa kunja, koma akalemba kuti ali ndi zaka 25, chitetezo chonse cha ana chimazima ndipo amatengedwa ngati wamkulu. Magemu osewera ndi anthu ena pa intaneti ali ndi khomo linanso limene si la otsatsa: macheza. Mu Disembala 2022 kampani ya Epic Games, eni ake a Fortnite, inavomera kulipira madola 275 miliyoni pa mlandu wa COPPA, ndipo china chimene FTC inadandaula chinali chakuti kulankhulana ndi kulemberana zinali zotsegula kale, mwana n'kumacheza ndi anthu osawadziwa. Zozimitsira macheza zimakhala m'kati mwa gemu yeniyeniyo, osati mu Settings ya foni.

Zonsezi zikukhudza magemu ochokera mu Play Store. Koma bandulo ndi yodula, ndiye ana ambiri amalandira magemu kwa anzawo kudzera pa Xender kapena SHAREit, ngati fayilo ya APK. Gemu yotere ilibe tsamba la Data safety, ndipo makamaka zimene amati n'zothyoledwa kuti makobidi a m'gemu asathe, simungadziwe amene anazitsegula ndi chimene anaikamo. Apa yang'anitsitsani zilolezo ziwiri. Choyamba ndi SMS. Google siilola magemu a mu Play Store kuwerenga mauthenga, ndiye gemu yopempha zimenezi yadzera njira ina, ndipo m'mauthenga anumo ndi mmene mumagwera manambala achinsinsi a kubanki ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba. Chachiwiri ndi Accessibility, chimene chinapangidwira anthu osaona bwino kapena ovutika kugwira foni, ndipo chimalola pulogalamu kuwerenga zili pa sikirini ndi kudina m'malo mwanu. Chilolezo chimenechi sichioneka pa tsamba la Permissions lija. Chili ndi malo akeake mu Settings, ndipo mufunika kulowamo n'kuona mapulogalamu amene alembedwa kuti ndi otsegula. Mukapezamo dzina la gemu, zimitsani, chotsani gemuyo, kenako sinthani PIN ya ndalama zanu za pafoni tsiku lomwelo.