Kutola liwu lachiwiri kapena lachitatu m'kabokosi ka Excel

Kabokosi kamodzi ka Excel kakhoza kusunga chiganizo chathunthu, koma pulogalamuyi sidziwa kuti liwu n'chiyani. Imangoona mzere wa zilembo, ndipo mpata wapakati pa mawu imauwerenga ngati chilembo chinanso. Choncho ntchito yotola liwu lachiwiri kapena lachitatu imagona pa kuwerenga mipata: liwu lachiwiri ndi zilembo zimene zili pakati pa mpata woyamba ndi wachiwiri, lachitatu ndi zimene zili pakati pa wachiwiri ndi wachitatu.

Chitsanzo ndi kaundula wa katundu wolowa m'nyumba yosungiramo zokolola, momwe mlembi walemba m'kabokosi A2 kuti "Matumba asanu achimanga afika". Chiganizochi chili ndi zilembo 29, kuphatikizapo mipata itatu, imene ili pamalo a 8, 14 ndi 24. Liwu lakuti "asanu" layamba pamalo a 9 n'kuthera pa 13. Chiganizo chikakhala chimodzi, munthu amangolilemba pamanja liwulo, koma mizere ikafika mazana pamafunika fomula yoti ikokedwe mpaka m'munsi.

Njira imene ambiri amayamba kuiganiza ndi yosaka mipata pogwiritsa ntchito FIND, kenaka n'kudula chidutswa ndi MID. MID imafuna zinthu zitatu: kabokosi, malo oyambira kudula, ndi kuchuluka kwa zilembo zodulidwa.

```
=MID(A2,FIND(" ",A2)+1,FIND(" ",A2,FIND(" ",A2)+1)-FIND(" ",A2)-1)
```

Pa chiganizo chija, kudula kumayamba pa 9, ndipo zilembo zodulidwa zimakhala 14 kuchotsa 8 kuchotsanso 1, zomwe ndi zisanu. Yankho ndi "asanu". Njirayi ndi yomveka, koma ndi yosalimba. Chiganizo chikakhala cha mawu awiri okha, mpata wachiwiri supezeka ndipo kabokosi kamaonetsa #VALUE!. Pofuna liwu lachitatu, FIND amalowetsedwa m'kati mwa FIND mnzake kangapo, mpaka fomula imatalika moti ngakhale mwini wake amavutika kuikonza.

Njira yodalirika imaleka kusaka mipata, m'malo mwake imaikuza. Mpata uliwonse umatambasulidwa kuti utalike ngati chiganizo chonse, kenaka mzere wotambasukawo umadulidwa m'zigawo zofanana, ndipo liwu lililonse limagwera m'chigawo chakechake.

```
=TRIM(MID(SUBSTITUTE(TRIM(A2)," ",REPT(" ",LEN(A2))),(2-1)*LEN(A2)+1,LEN(A2)))
```

Fomulayi imawerengedwa kuchokera m'kati. LEN imawerenga zilembo n'kupeza 29. REPT imapanga mipata 29 yondondozana, ndipo SUBSTITUTE imaika mipata 29 imeneyo paliponse pamene panali mpata umodzi. Tsopano "Matumba" ali pamalo a 1 mpaka 7, "asanu" akankhidwira pa 37 mpaka 41, "achimanga" pa 71 mpaka 79, ndipo "afika" pa 109 mpaka 113. Chigawo chachiwiri chimayamba pa 30 n'kuthera pa 58, ndipo m'menemo muli "asanu" yekha pakati pa mipata. TRIM yakunja imasesa mipatayo n'kusiya liwu. Kuti pabwere liwu lachitatu, nambala 2 ya mu (2-1) imasinthidwa kukhala 3. Pamenepo chigawo chimayamba pa 59 n'kuthera pa 87, ndipo yankho ndi "achimanga". Kufunsa liwu lachisanu, lomwe kulibe, sikubweretsa uthenga wa cholakwika; kabokosi kamangooneka kopanda kanthu.

Pali chifukwa chake LEN yaikidwa pamalo pamene ena amangolembapo 100. Liwu lililonse limasunthira kutsogolo m'chigawo chake malinga ndi kuchuluka kwa zilembo za mawu onse amene alitsogolera: "asanu" asuntha ndi zilembo 7, "achimanga" ndi 12. Zilembo zotsogolazo, pamodzi ndi za liwu lofunidwalo, zikapitirira kukula kwa chigawo, liwu limadukiza kapena limalumphira m'chigawo chotsatira. Pa liwu lachiwiri kapena lachitatu 100 imakwanira pafupifupi nthawi zonse, koma kutalika kwa chiganizo chonse sikungapyoledwe ndi gawo la chiganizo chomwecho, motero LEN ndi yotetezeka. Malire ake ali kwina: Excel salola mzere wa zilembo zoposa 32,767. Ndime ya zilembo 500 yokhala ndi mawu 80 ikatambasulidwa imapitirira zilembo 39,000, ndipo fomula imalephera ndi #VALUE!. Pa ndime zazitali chotere, nambala ngati 100 ndiyo imathandiza.

TRIM yam'kati ija ndi imene imateteza ku cholakwika choopsa kwambiri, chifukwa ndi chosaonekera msanga. Mlembi akagogoda mpata kawiri pambuyo pa "Matumba", ndipo TRIM imeneyi palibe, chigawo chachiwiri chimadzaza mipata yokhayokha, pamene chachitatu chimatulutsa "asanu" m'malo mwa "achimanga". Palibe uthenga wochenjeza. Liwu lolakwika limangokhala phee m'kabokosi ngati lolondola.

Ulipo mpata wina umene TRIM siuchotsa. Zolemba zokopedwa pa intaneti nthawi zambiri zimabwera ndi mpata wosaduka, wa nambala 160, umene m'maso sumasiyana ndi mpata wamba wa nambala 32. Chizindikiro chake ndi yankho la mawu awiri omatana, monga "asanu achimanga", pamene pamayembekezeka limodzi. Mankhwala ake ndi kuyeretsa chiganizo m'kabokosi kapadera, monga B2, kenaka fomula ija iloze ku B2.

```
=TRIM(SUBSTITUTE(A2,UNICHAR(160)," "))
```

Kudukiza mzere m'kati mwa kabokosi, kumene kumachitika ndi Alt+Enter, kumamatanso mawu chimodzimodzi, ndipo kumakonzedwa poika CHAR(10) pamalo a UNICHAR(160).

Excel ya Microsoft 365 ndi Excel 2024 zili ndi TEXTSPLIT, imene imagawa chiganizo m'mawu ake, ndipo INDEX imatolapo lofunikalo.

```
=INDEX(TEXTSPLIT(A2," ",,TRUE),2)
```

TRUE amauza pulogalamu kuti isawerengere zigawo zopanda kanthu zobwera ndi mipata iwiri. Liwu lofunsidwalo likakhala kulibe, pamatuluka #REF!. Fomulayi ndi yaifupi komanso yosavuta kuwerenga, koma pa kompyuta ya Excel 2016 kapena 2019 sigwira, ndipo imaonetsa #NAME?. Pa fayilo yomwe idzayendayenda m'maofesi osiyanasiyana, njira yotambasula mipata ndiyo yanzeru. Fomula ikakanidwa pongoilemba, vuto limakhala lina: makompyuta ena, monga ambiri otcheredwa ku South Africa, amafuna chizindikiro cha ; pamalo a koma polekanitsa zigawo za fomula.

Pa njira zonsezi, liwu ndi chilichonse chimene chili pakati pa mipata. "M'munda" ndi liwu limodzi, pamene "mu munda" ndi awiri, choncho kaundula wolembedwa ndi anthu angapo, wina "achimanga" wina "a chimanga", amatulutsa mayankho osiyana pa mizere yofanana tanthauzo. Zizindikiro za m'kalembedwe nazo zimamatirira: m'chiganizo chakuti "Mtedza, soya, nandolo" liwu lachiwiri limatuluka ndi koma wake, pokhapokha atachotsedwa ndi SUBSTITUTE ina. Ndipo mlembi akalemba "Matumba 12 achimanga", 12 wotoledwayo amakhala zilembo, osati nambala. Amaonekera potsamira kumanzere kwa kabokosi, ndipo SUM imamulumpha pophatikiza. Kukutira fomula yonse m'kati mwa VALUE kumamusandutsa nambala yeniyeni, koma pa mzere wolembedwa "asanu" VALUE imabweza #VALUE!, ndipo mzere wotero umakonzedwa pamanja.