Kalata yoyamba kwa wogula amene sakukudziwani

Mwezi wa Juni ukafika, m'midzi ya ku Mchinji, Kasungu ndi Dowa mtedza umakhala utauma, ndipo mavenda amakhala atapachika kale masikelo awo m'mphepete mwa msewu. Alimi amene anapanga kopaletivi amafuna kuwadumpha mavendawa kuti akagulitse kwa kampani yopanga chiponde kapena yotumiza mtedza kunja. Koma kampaniyo siwadziwa. Ndiye mlembi amakhala pansi, foni m'manja, kuti alembe uthenga woyamba kwa munthu amene sanakumanepo naye.

Mauthenga ambiri otere sayankhidwa. Chimawapha si Chingerezi chothyoka ayi, koma kuti amalongosola za alimi m'malo molongosola za katundu. Amayamba ndi mbiri ya gulu, mavuto a feteleza, ana amasiye amene mamembala akulera, n'kutsiriza ndi mawu akuti "tili ndi mtedza wambiri wabwino, chonde tithandizeni msika." Zonsezo zikhoza kukhala zoona, ndipo zimamvetsa chisoni. Koma mkulu woona zogula katundu sakugawa thandizo. Iye ali ndi makina ofunika mtedza sabata yamawa ndi galimoto yoti ailipire mafuta. Mawu akuti "wambiri" ndi "wabwino" sangawerengetsere nawo kanthu.

Tiyerekeze kopaletivi ya ku Mchinji ya mamembala 120. Pa msonkhano wa mu Epulo aliyense ananena zimene akuyembekeza kukolola, ndipo zitaphatikizidwa zinakwana matani 40. Lero m'nyumba yosungiramo katundu muli matumba 360 a makilogalamu 50, kutanthauza matani 18. Mlembi alembe nambala iti?

Alembe 18. Matani 40 aja ali papepala chabe. Ena mwa mamembala agulitsa kale kwa venda chifukwa mwana wabwezedwa kusukulu kaamba ka fizi, ndipo sitingawadzudzule. Komanso ambiri potchula zokolola amanena za mtedza wosaswa, pomwe makoko amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake: matani 10 osaswa amatulutsa matani osapitirira 7 a mtedza woswa. Wogula akakhulupirira 40 n'kutumiza thiraki ya matani 30, imene imafuna matumba 600, idzabwerera ndi malo a matumba 240 opanda kanthu. Mafuta adzakhala atalipira ndi iyeyo, ndipo nambala ya mlembi sadzaiyankhanso. Kunena 18 kumamupatsa mpata wotumiza galimoto yoyenera, kapena wouza kopaletiviyo kuti iphatikize katundu ndi gulu loyandikana nalo.

Uthenga wake ukhoza kukhala wotere, dzina la gulu ndi mtengo zitalembedwa m'malo mwake:

"Zikomo bambo. Ndine mlembi wa kopaletivi yakutiyakuti ya m'boma la Mchinji, yolembetsedwa kuboma, ya mamembala 120. Tili ndi mtedza wa CG7 woswa ndi wosankha, wokolola chaka chino, matumba 360 a makilogalamu 50. Uli pamalo amodzi, makilomita 12 kuchoka pa msewu wa tala wa Lilongwe–Mchinji, ndipo thiraki imafika. Tinauyeza chinyontho dzulo, chili pa 7 peresenti. Chuku sitinayezetse, koma ndife okonzeka kuti muyeze musanagule. Mtengo wathu ndi wakutiwakuti pa kilogalamu mukadzatengera kuno. Mungatilole kuti tikutumizireni makilogalamu awiri kuti muuone? Zithunzi ndi izi."

Ndi wamfupi, woti munthu auwerenga pa WhatsApp ataimirira. Dzina la mbewu lilimo chifukwa mtedza si umodzi. CG7 ndi wofiira, wamafuta ambiri, ndipo opanga chiponde amaukonda. Chalimbana ndi wa maso akuluakulu, woyererako, umene okazinga amaufuna. Thumba losakaniza mitundu iwiriyi silipsa mofanana pokazinga, choncho limagwa mtengo. Ngati mwasakaniza, nenani.

Pamene mlembi amayesedwa kwambiri ndi pa nkhani ya chuku. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini amene amawononga chiwindi, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zinachititsa kuti mtedza wa ku Malawi uvutike kulowa m'misika ya ku Ulaya. Kumeneko mtedza wodya anthu suloledwa kupitirira magawo 4 pa biliyoni. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Amachuluka mtedza ukaumitsidwa padothi, ukasungidwa usanaume, kapena ukawazidwa madzi kuti makoko afewe pouswa, chizolowezi chimene chikadalipo m'midzi yambiri. Ndiye mlembi amene sanayezetse asalembe kuti "mtedza wathu ulibe chuku". Kampani yodziwa ntchito yake idzabaya matumba angapo n'kuyeza yokha, ndipo bodzalo lidzaonekera galimoto isanapakire. Mawu akuti "sitinayezetse, bwerani muyeze" amaoneka ngati ofooka, koma kwa wogula amasonyeza kuti akulankhula ndi anthu odziwa chimene iye amaopa. Amene anayezetsa, kaya ku Malawi Bureau of Standards kapena kwina kovomerezeka, ajambule chikalatacho n'kuchitumiza limodzi ndi uthenga.

Chimodzimodzi makilogalamu awiri otumiza aja. Pamakhala chiyeso choti amayi akhale pamphasa n'kusankha maso okongola okhaokha. Musatero. Tapani pang'onopang'ono m'matumba osiyanasiyana, apamwamba, apakati ndi apansi pa mulu, musakanize, mutumize zomwezo. Mtengo umene mudzagwirizane udzachokera pa chitsanzocho, ndipo katundu akadzasiyana nacho wogula adzaudula thiraki ili kale pakhomo, nthawi imene inu mulibenso mphamvu yokana.

Pa mtengo anthu amasiyana maganizo. Ena amati usatchule, wogula ayambe ndiye. Ine ndimaona kuti kusatchula kumangotayitsa nthawi, ndipo kumapereka chithunzi chakuti gululo silinawerengere. Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka chilichonse mitengo yoyambira kugulira mbewu. Imeneyo ikhale poyambira, muwonjezerepo ndalama zoswera, zosankhira, za matumba ndi zosungira. Chofunika n'kunena poyera ngati mtengowo ndi wotengera kwanu kapena wokasiya ku fakitale, chifukwa mikangano yambiri imabuka pa funso lakuti thiransipoti alipira ndani.

Uthengawo upite kwa munthu, osati kwa kampani chabe. Imbani kaye ku ofesi mufunse dzina la woona zogula mbewu. Nambala imene mwaika ikhale ya munthu amene foni yake imakhala yoyaka, amenenso komiti inamupatsa mphamvu yoyankha. Wogula akaimba n'kumva kuti "tidikire atcheya abwere kumaliro, kenako tiitanitse msonkhano," amapita kwina tsiku lomwelo. Mtengo wotsikitsitsa umene gulu lingavomere ugwirizanidwe uthenga usanatumizidwe. Pakatha sabata osayankhidwa, kumbutsani kamodzi mwaulemu, ndipo ngati matumba awonjezereka kapena achepa, nenani nambala yatsopano.

Yankho likabwera, chisangalalo chisakuiwalitseni kuti nanunso munthuyo simukumudziwa. Alimi ambiri analirapo atapereka katundu pangongole kwa wogula wolankhula bwino amene sanaonekenso. Mufunseni chiphaso chake chogulira mbewu, mudziwe pamene pali ofesi yake, ndipo mgwirizano ulembedwe: kuchuluka kwa katundu, mtengo, sikelo imene igwiritsidwe ntchito ndi tsiku lolipira. Ndalama zilowe mu akaunti ya kopaletivi ku banki, osati pa foni ya membala mmodzi. Zimenezi zisanatheke, thumba ngakhale limodzi lisakwere galimoto.