Nambala imodzi ikapambana yokha, funsani za anzake oyandikana nawo

Pa mafoni a achinyamata ambiri amene akuyesa malonda a foleksi ndi masheya pamayendayenda zithunzi za maloboti ogulitsidwa. Loboti ndi pulogalamu ya pakompyuta yomwe imagula ndi kugulitsa yokha potsatira malamulo amene munthu anailembera. Wogulitsa amaonetsa mzere wa phindu wokwera bwinobwino kwa zaka khumi, n'kunena kuti anaiyesa pa mitengo yakale ndipo sinagwepo. Nthawi zambiri sakunama ayi. Mzerewo ndi woona. Chimene sanena n'chakuti anayesa manambala mazanamazana, n'kutola amodzi okha amene anaoneka bwino kuposa onse, ndipo enawo anawabisa.

Pali chithunzi china chimene anthu odziwa ntchitoyi amajambula asanaikepo ndalama, ndipo ndi chimenecho chomwe wogula ayenera kupempha. Chimaonetsa mmene ndondomeko ya malonda ikanachitira pa manambala onse oyandikana ndi amene anasankhidwa.

Tione ndondomeko yodziwika kwambiri, ya maavereji awiri. Tsiku lililonse mumawerengera avereji ya mtengo wa masiku 50 apitawo, komanso ya masiku 200 apitawo. Avereji yaifupi ikadutsa pamwamba pa yaitali, mumagula. Ikatsikira pansi pake, mumagulitsa n'kukhala ndi ndalama m'manja. Lamulo lonse ndi lomweli. Koma 50 ndi 200 sizinalembedwe pamwala. Munthu akhoza kuika 35 ndi 180, kapena 55 ndi 260, ndipo nambala iliyonse imasintha tsiku limene mukulowa ndi limene mukutuluka.

Kujambula kwake kumayenda motere. Avereji yaifupi muiyese kuyambira masiku 10 mpaka 60, mukulumpha asanuasanu. Amenewo ndi manambala 11. Yaitali muiyese kuyambira 100 mpaka 300, mukulumpha 20. Nawonso ndi 11. Mukaphatikiza aliyense ndi mnzake mupeza mayeso 121. Kompyuta iyendetse mayeso onsewo pa mitengo ya zaka zomwezo, itachotsa ndalama zolipira bulokala ndi kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Kenako zotsatira muziyale m'timabokosi: manambala a avereji yaifupi kutsika m'munsi, a yaitali kupita m'mbali, ndipo kabokosi kalikonse kapakidwe mtundu malinga ndi phindu lake, kobiriwira pamene zinayenda, kofiira pamene ndalama zinatayika. Pulogalamu ya MetaTrader 5, imene ambiri amagwiritsa ntchito, imajambula chithunzichi mu `Strategy Tester`. Koma posankha kayesedwe musankhe `Slow complete algorithm`, chifukwa `Fast genetic based algorithm` siyesa timabokosi tonse. Imathamangira kumene kukuoneka phindu, n'kusiya mipata m'malo amene inu mukufunika kuwaona.

Tsopano tiyerekeze kuti mbali ziwiri za chithunzicho zatuluka chonchi. Manambalawa ndi ongophunzirira, ndipo akuimira phindu la pachaka m'maperesenti.

```
      160  180  200
30      5    3    6
35      4   19    7
40      2    5    3

      240  260  280
45      9   10   10
50     10   11   10
55      9   11   10
```

Kompyuta mukaifunsa kuti wapambana ndani, iyankha kuti 35 ndi 180, chifukwa 19 palibe womuposa. Wogulitsa loboti adzakuonetsani ameneyo. Koma tayang'anani amene amuzungulira. Mukangosuntha masiku asanu okha, phindu lagwa kuchoka pa 19 kufika pa 3 kapena 5. Phatikizani timabokosi tonse tisanu ndi tinayi, mupeza 54, ndipo mukagawa ndi 9 mutsala ndi 6. Chitani chimodzimodzi ndi gulu lachiwiri: 90 kugawa ndi 9 ndi 10. Dera limene linkaoneka lonyozeka, lopanda kabokosi kopitirira 11, ndilo lolimba. Odziwa amatcha loyambalo nsonga, lachiwirilo chidikha. Pamwamba pa phiri la Zomba munthu ungayende mtunda wautali uli pamwamba pomwe, koma pa nsonga ukaponda molakwa kamodzi watsetsereka. Wanzeru amasankha 50 ndi 260, pakati penipeni pa chidikha, ndipo amayembekezera phindu losapitirira 10, mwinanso locheperapo.

N'chifukwa chiyani nsonga imakhalapo? Apa mpamene pagona nkhani. Ndondomeko ya maavereji aatali sigula ndi kugulitsa kawirikawiri. Pachaka mwina kamodzi kapena kawiri. Pa zaka 20 mungakhale ndi malonda 20 kapena 30 okha. Akakhala ochepa chotere, malonda amodzi okha amatha kunyamula zotsatira zonse. Lolemba pa 19 Okutobala 1987, mitengo ya masheya ku New York, malinga ndi mlingo wa Dow Jones, inagwa ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi. Ndondomeko imene manambala ake anaiuza kugulitsa Lachisanu pa 16 inapulumuka. Ina yosiyana nayo ndi masiku ochepa chabe, imene chizindikiro chake chinabwera madzulo a Lolembalo, inataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chuma chake, n'kugulitsanso pamtengo wotsika. Pa chithunzi, yoyambayo idzawala pakati pa anzake ofiira. Sikuti imadziwa msika kuposa inzake. Inangochita mwayi tsiku limodzi, ndipo tsiku limenelo silidzabweranso chimodzimodzi. Choncho mukaona nsonga, tsegulani mndandanda wa malonda ake, muchotse amodzi kapena awiri amene anapindula kwambiri, muwerengerenso. Nthawi zambiri nsongayo imazimiririka n'kufanana ndi oyandikana nayo.

Palinso chifukwa cha masamu. Mukayesa njira zambiri, ina mwa izo iyenera kuoneka yabwino ngakhale zonse zili zopanda pake. Mu 2014 akatswiri anayi, David Bailey, Jonathan Borwein, Marcos López de Prado ndi Qiji Jim Zhu, anawerengera kuti munthu amene ali ndi mitengo ya zaka zisanu zokha akayesa njira zosadalirana zopitirira 45, ayembekezere kupeza imodzi yooneka yabwino ndithu pa mitengo yakaleyo koma yopanda phindu lililonse kutsogolo. Kompyuta ya masiku ano imayesa njira 45 munthu asanamalize kumwa tiyi.

Chitsanzo cha kachitidwe koyenera chinaoneka mu 2007, pamene Mebane Faber anafalitsa ndondomeko yosavuta: kumapeto kwa mwezi uliwonse, gula ngati mtengo uli pamwamba pa avereji ya miyezi 10, gulitsa ngati uli pansi. Sanaime pa 10 pokha. Anaonetsanso zotsatira za maavereji a miyezi yoyandikana nayo, yocheperapo ndi yochulukirapo, ndipo sizinasiyane kwenikweni. Umenewo ndiwo umboni wakuti mphamvu ya ndondomekoyo inali mu ganizo lake, lotuluka pamene msika ukutsika kwa nthawi yaitali, osati mu nambala 10.

Komabe chithunzichi chikhoza kukunamizani, ndipo ine ndimadandaula kwambiri ndi anthu amene akaona chidikha chobiriwira amaganiza kuti ntchito yatha. Choyamba yang'anani kutalika kwa malumpho. Avereji ya masiku 200 ndi ya masiku 201 zimagawana masiku 200 omwewo. Ngati mwayesa 198, 199, 200, 201 ndi 202, chithunzi chidzaoneka chosalala mokongola, koma kwenikweni mwayesa chinthu chimodzi kasanu. Dera loyenera kuliona ndi lotambasuka, monga kuchotsa kapena kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo anayi a nambala yanu: kwa 200, kuyambira 150 mpaka 250. Kabokosi kabwino kakapezeka m'mphepete penipeni mwa chithunzi, kulitsani chithunzicho, chifukwa simukudziwa chimene chili kuseri kwake. Muwerengenso manambala enieniwo, osangodalira mitundu, popeza mapulogalamu ena amapaka kobiriwira kabokosi kopambana ngakhale kusiyana kwake ndi kotsiriza kuli kochepa zedi, kapenanso onse ali otaya ndalama.

Vuto lalikulu kuposa pamenepa n'lakuti timabokosi tonse tayesedwa pa mbiri imodzi yomweyo. Ngati zaka zimene mwasankha msika unkangokwera, ndondomeko iliyonse yogula idzabiriwira. Chithunzi chonse chikhoza kunena 10 pamene munthu amene anangogula n'kusunga osachita kanthu anapeza 12. Ndiye m'timabokosi ndi bwino kulemba kusiyana kwa phindu la ndondomeko ndi phindu la kungosunga, komanso kujambula chithunzi chachiwiri choonetsa kugwa kwakukulu kumene ndalama zinagwapo pa nambala iliyonse. Phindu la 10 limene panjira chuma chinatsika ndi theka si lofanana ndi 10 amene chinatsika ndi 15 peresenti.

Mbiri ili ndi phunziro pa nkhaniyi. Mu 1992 William Brock, Josef Lakonishok ndi Blake LeBaron anayesa malamulo 26 a mtundu umenewu pa mitengo ya Dow Jones ya kuyambira 1897 mpaka 1986, ndipo anapeza kuti ankagwira ntchito, osati limodzi lokha koma ambiri. Mu 1999 Ryan Sullivan, Allan Timmermann ndi Halbert White anabwereza ntchitoyo ndi malamulo 7,846. Anavomereza kuti pa zaka zakalezo zotsatira zinali zolimba. Koma atayesa pa zaka khumi zotsatira, 1987 mpaka 1996, kupambana kuja sikunaonekenso. Chidikha chenicheni chikhoza kukhalapo kwa zaka 90, msika n'kusintha, icho n'kutha.

N'chifukwa chake chithunzi chimodzi sichikwanira. Dulani mbiri yanu pawiri kapena patatu, mujambule chithunzi cha chigawo chilichonse pachokha, muziike pamodzi. Ngati dera lobiriwira la zaka khumi zoyamba lili pa 50 ndi 260, ndipo la zaka khumi zotsatira lili pomwepo kapena pafupi, muli ndi kanthu. Likasamukira ku ngodya ina n'kusiya pakale pali pofiira, ndondomekoyo ikungotsatira mwayi. Yesaninso pa msika wina wofanana nawo. Ndipo sungani zaka zingapo zomalizira osazikhudza mpaka mutasankha manambala anu, kenako muziyese kamodzi kokha. Mukabwerera kukasintha manambala chifukwa zotsatira sizinakusangalatseni, zaka zimenezo zasiya kukhala mayeso.

Pepala lili ndi mbali ziwiri zokha, choncho chithunzi chimaonetsa manambala awiri nthawi imodzi. Loboti yokhala ndi manambala asanu ndi atatu osinthika, aliyense woyesedwa pa malo 10, ili ndi njira 100 miliyoni, ndipo chithunzi chilichonse chimene mungaonetsedwe ndi kachidutswa kamene manambala asanu ndi limodzi enawo anagwiridwa pamalo amene wogulitsa anasankha. Ndondomeko yotere n'kovuta kuitsimikizira, ndipo ine sindingaikepo ndalama zanga.

Inu amene mukuganiza zogula loboti kapena kutsatira ndondomeko ya munthu wina, musanalipire mufunseni kuti anayesa manambala angati, malonda onse anali angati, ndipo akuonetseni chithunzi cha manambala oyandikana nawo, cha zaka zosiyanasiyana, ndalama za bulokala zitachotsedwa. Kuchijambula sikutenga tsiku lathunthu. Akakana kapena akayamba kuzungulira, sungani ndalama zanu.