Chifukwa Chake Msamariya Wachifundo Amadza Mwezi wa Julaye

Abale athu a ku migodi ndi ku mapulazi, ndi inu okhala ku Zengeza, ku Seke ndi ku St Mary's m'Chitungwiza, ambiri a inu mumayesa kuti wansembe amadzisankhira yekha mawu owerenga Lamulungu, kapena kuti wina wakamnong'oneza za mlandu wa pakhomo panu. Sizitero ayi. M'mpingo wa Katolika mawuwo analembedwa kale m'buku la mawu a pa Misa, lotchedwa lekishonale, ndipo amene amveka m'Chishona ku Chitungwiza ndi omwewo amene amayi anu akumva m'Chichewa ku Dedza tsiku lomwelo.

Kale mawu anali omwewo chaka ndi chaka, ndipo a m'Chipangano Chakale anali kumveka kamodzikamodzi. Msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Vatikani, wa 1962 kufikira 1965, unafuna kuti anthu azimva Malembo ochuluka, ndipo mu 1969 buku latsopano linatuluka. Linagawa mawu pa zaka zitatu: Chaka A ndi cha Mateyo, Chaka B cha Marko, Chaka C cha Luka. Yohane alibe chaka chakechake, koma amamveka makamaka pa Lenti ndi pa Pasaka.

Kuti mudziwe chaka, gawani nambala yake ndi 3. Pakatsala 1 ndi Chaka A, pakatsala 2 ndi Chaka B, pakapanda kutsala kanthu ndi Chaka C. Chotero 2025 ndi Chaka C, pakuti agawika bwino osatsala kanthu.

Tsono tiyeni titsate Lamulungu limodzi, la 13 Julaye 2025. Tsikulo Uthenga Wabwino unali Luka 10:25-37, fanizo la Msamariya wachifundo. Sunabwere chifukwa cha mwezi wozizira kapena tsoka lina la pamsewu. Kunja kwa nyengo zazikulu, Malamulungu amawerengedwa ndi nambala kufikira la 34, ndipo Luka amatsatidwa monga mlimi atsata mzere. Pa 6 Julaye anawerenga chiyambi cha mutu 10, pa 13 Julaye pakati pake, ndipo pa 20 Julaye mathero ake, nkhani ya Marita ndi Mariya.

Nambala ya Lamulungu imapezeka motere. Pasaka atapita, amawerenga chobwerera kuchokera kumapeto a chaka cha mpingo. Lamulungu la 34, la Khristu Mfumu, ndilo lotsiriza Adiventi asanayambe, ndipo mu 2025 linagwa pa 23 Novembala. Mukabwerera masabata 19 kuchokera pamenepo mufika pa 13 Julaye, ndilo Lamulungu la 15, mwini wake wa fanizoli. Mwa kuwerenga komweku, Msamariya adzabweranso pa 16 Julaye 2028.

Mawu oyamba satsata mzere. Amatengedwa m'Chipangano Chakale kuti agwirizane ndi Uthenga Wabwino. Popeza fanizo lija liyamba ndi funso la katswiri wa malamulo, anasankha Deuteronomo 30:10-14, pamene Mose anena za lamulo losakhala patali ndi munthu. Sabata yotsatira, Marita polandira mlendo, mawu oyamba anali Genesis 18, Abrahamu polandira alendo atatu. Salimo limayankha mawu oyambawo.

Koma mawu achiwiri, a m'makalata a atumwi, ali ndi mzere wawowawo. Pa 13 Julaye anali Akolose 1:15-20, chifukwa kalata ya Agalatiya inali itatha ndipo ya Akolose inali kuyamba. Mlaliki wa kupulazi asadzivutitse kumangirira kalatayo kwa Msamariya, pakuti amene anakonza bukulo sanazimange pamodzi.

Pali malo awiri pamene owerenga amaphunthwa. Poyamba, chaka cha mpingo sichiyamba mu Januwale, koma pa Lamulungu loyamba la Adiventi. Chaka A cha 2026 chinayamba pa 30 Novembala 2025, ndipo amene anatsegulabe pa Chaka C mu Disembala anasokera. Kachiwiri, chikondwerero chachikulu chimalanda malo a Lamulungu wamba. Pa 29 Juni 2025 tsiku la Petro ndi Paulo linagwa Lamulungu, ndipo mawu a Lamulungu la 13 sanamveke chaka chimenecho.

Abale a Anglikani ndi a Methodisti m'maiko ambiri ali ndi buku lawo la 1992, lomangidwa pa zaka zitatu zomwezi. Uthenga Wabwino umafanana kawirikawiri, ndipo iwonso anali ndi Msamariya pa 13 Julaye, koma mawu a m'Chipangano Chakale nthawi zina amasiyana.

Chotero inu amene mumatsogolera mapemphero kumene wansembe safika kawirikawiri, Loweruka madzulo onani zitatu izi: chilembo cha chaka, nambala ya Lamulungu, ndi kalendala ya mpingo ngati pali chikondwerero. Mukapeza Marko pa Lamulungu wamba la Chaka C, tsekani buku muyambenso kuwerenga.