Chilembo cha ŵ Chili M'foni Mwanu Momwemo

Ambiri timalemba Malaŵi popanda kachipewa pa w chifukwa kiyibodi yachingerezi ya pa foni ya Android imabisa chilembochi. Komatu mankhwala ake ali pafupi.

Pa kiyibodi ya Gboard, dinani kachizindikiro ka giya, kenaka Languages, ndiye Add keyboard. Sankhani Chichewa, chimene mafoni ena amachitchula Nyanja, n'kudina Done. Mukabwerera polemba, kanikizani batani lalitali lodumphira mawu osachotsa chala, musankhe chinenerocho.

Tsopano kanikizani w kwa kamphindi. Tizilembo tikatulukira pamwamba, tsetserezani chala mpaka pa ŵ. Ngati satuluka, onani dzina lolembedwa pa batani lalitali lija. Kawirikawiri limakhala likadali pa Chingerezi. Yesani lero polemba dzina la dziko lathu.