Tsamba loyamba la pulani ya bizinesi limalembedwa pomaliza

Wogwira ntchito yoona za ngongole kubanki, kapena ku bungwe lobwereketsa ndalama monga FINCA, sakhala ndi pulani imodzi patebulo. Amakhala ndi mulu. Asanaganize zowerenga masamba onse, amayang'ana tsamba loyamba, lomwe ndi chidule cha pulani yonse. Tsambalo likamusokoneza, ena otsatirawo mwina sawatsegula n'komwe.

Chidule chabwino sichipitirira tsamba limodzi, chikatalikitsa awiri. Chimatchula bizinesiyo, mwini wake, komwe ili ndiponso luso lomwe mwiniyo ali nalo. Chimanena chomwe akugulitsa ndi omwe adzagule, osati "anthu onse", koma makasitomala oti munthu angawaloze ndi chala. Kenako pamabwera zomwe wobwereketsa akufunitsitsa kumva: ndalama zomwe zikupemphedwa, ntchito yake, zomwe mwini bizinesi waikapo kuchokera m'thumba mwake, phindu loyembekezeka, ndi momwe ngongoleyo idzabwezedwere. Mbiri yoti munthu adayamba kukonda malonda ali wamng'ono ilibe malo pano.

Nanga n'chifukwa chiyani tsamba lokhala poyamba lizilembedwa pomaliza? Tiyerekeze mayi wa ku Lilongwe yemwe akufuna kuweta nkhuku zanyama 500. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza, poti mitengo yeniyeni sikhalitsa.

Mayiyu atayamba ndi chidule, angalembe zomwe zili m'mutu mwake. Anganene kuti adzagulitsa nkhuku 500 pa K11,000 iliyonse, n'kupeza K5.5 miliyoni masabata asanu ndi limodzi aliwonse, ndipo akupempha ngongole ya K2 miliyoni yoti azibweza mwezi ndi mwezi. Pomva zikukoma.

Zimasintha akakhala pansi ndi cholembera pa gawo la ndalama. Nkhuku yanyama imadya chakudya cha makilogalamu pafupifupi 4 isanafike pogulitsidwa. Nkhuku 500 ndiye kuti zikufuna makilogalamu 2,000, omwe ndi matumba 40 a makilogalamu 50, pomwe iye ankaganiza kuti matumba 25 akwana. Thumba likakhala pa K70,000, chakudya chokha chitenga K2.8 miliyoni. Anapiye a K1,500 mmodzi atenga K750,000. Katemera wa chitopa ndi gumbolo, makala otenthetsera anapiye, utuchi ndi mayendedwe zitenga K450,000 ina. Zonse pamodzi ndi K4 miliyoni. Iye ali ndi K1 miliyoni, choncho ngongole yofunika ndi K3 miliyoni, osati K2 miliyoni ija.

Si zokhazo. Mlimi aliyense amadziwa kuti anapiye ena amafa ngakhale asamalidwe bwanji. Atafa 25, zogulitsa zitsala 475, ndalama yolowa n'kukhala K5,225,000, ndipo phindu la ulendo umodzi ndi K1,225,000 asanachotse chiwongoladzanja. Komanso nkhuku sizigulidwa zonse tsiku limodzi, ndipo khola liyenera kutsukidwa n'kupuma pang'ono lisanalandire anapiye ena. Ulendo umodzi umatenga masabata pafupifupi asanu ndi atatu. Apa zikuonekeratu kuti mwezi woyamba mayiyu sadzagwira ngakhale tambala yobweza, ndiye ayenera kupempha kuti ayambe kubweza pakatha miyezi iwiri.

Manambala anayi asintha pa bizinesi yomweyo, ndipo onsewo ndi ofunika kukhala m'chidule. Vuto la olemba chidule poyamba n'lakuti amakonza masamba a m'kati n'kuiwala kubwerera kutsogolo. Wowerenga akapeza K2 miliyoni patsamba loyamba ndi K3 miliyoni patsamba la bajeti, amayamba kukayikira nambala iliyonse m'pulanimo. Ena amachita zoipa kuposa apa: amapotoza bajeti kuti igwirizane ndi zomwe adalonjeza m'chidule, kenako chakudya chimatha nkhuku zili ndi masabata anayi.

Chikalembedwa pomaliza, chidule cha mayi uja chinena mosazungulira kuti iye adawetapo nkhuku zochepa, akufuna kufika pa 500, ndipo adagwirizana kale ndi malo odyera awiri komanso ogulitsa nkhuku pamsika wapafupi. Chitchula K3 miliyoni yomwe akupempha, K1 miliyoni yake, phindu la ulendo uliwonse, ndi nthawi yoyambira kubweza. Chitchulanso chiopsezo chachikulu, matenda ndi kukwera kwa mtengo wa chakudya, ndi momwe wakonzekerera. Kubisa chiopsezo sikuthandiza, poti wobwereketsa amachidziwa kale.

Kulemba mizere itatu poyamba yongokumbutsa komwe ukulowera si kulakwa, bola mizereyo isapite kubanki. Musanapereke pulani yanu, tengani nambala iliyonse ya m'chidule muifufuze m'masamba a m'kati. Yomwe simukuipeza, kapena yomwe yasiyana, ikonzeni kaye.