Mawu Amene Woperekera Zakudya Amaphunzira Asanagwire Thireyi

Mbale ikabwezedwa kukhitchini, ambiri amaloza chala wophika. Komatu nthawi zambiri cholakwacho chimakhala chitayambira patebulo, pamene mlendo ananena china, woperekera zakudya n'kumva china. N'chifukwa chake malesitilanti olongosoka amaphunzitsa wantchito watsopano mawu oti azilankhula, kuyambira pa moni mpaka pofunsa ngati mlendo angafune zina zowonjezera. Amawayeserera ndi anzake malo asanatsegulidwe, wina akukhala ngati mlendo, kufikira mawuwo atakhazikika pakamwa.

Phunziro loyamba ndi moni. Alendo akangolowa, woperekera amawayang'ana kumaso n'kunena kuti: "Takulandirani bambo, takulandirani mayi. Mwaswera bwanji? Mulipo angati?" Funso lomalizali limamuthandiza kusankha tebulo lowakwanira. Akakhala kuti manja ali ndi mbale za tebulo lina, sawapitirira ngati sanawaone, koma amati: "Pepani, khalani pansi, ndikupezani posachedwa." Mlendo amene waonedwa amadikira mosadandaula. Popereka menyu, woperekera amanenerathu zimene zatha: "Lero chambo tili nacho, koma nyama yambuzi yatha." Kubisa zimenezi kumachititsa munthu kusankha kawiri, ndipo kachiwiriko amasankha atakhumudwa kale.

Pamene pagona ntchito yeniyeni ndi potenga oda. Tiyerekeze kuti pa tebulo 4 pakhala banja la anthu anayi. Woperekera amalemba nambala ya tebulo pamwamba pa kapepala, kenako amapatsa mipando manambala mumtima mwake, kuyambira mpando woyandikira khomo n'kumazungulira mmene wotchi imayendera. Angathe kuyamba kufunsa wamkulu pofuna kupereka ulemu, koma chakudya cha aliyense amachilemba pa nambala ya mpando wake. Akatero, ngakhale mbale zitabwera ndi mnzake, sipakhala kufunsa kuti "Chambo ndi cha ndani?"

Bambo a pa mpando 1 akati "chambo", odayo sinathe. Woperekera amafunsa kuti: "Chootcha, chokazinga kapena chamsuzi? Mudyera nsima, mpunga kapena tchipisi?" Mayi a pa mpando 2 akaitanitsa nkhuku, amafunsidwa ngati akufuna yalokolo kapena yachizungu, pakuti ziwirizi zimasiyana kulimba kwake ndi mtengo womwe. Kenako pamabwera funso lomwe siliyenera kudumphidwa: "Kodi pali chakudya chimene wina sadya kapena chimene chimamuwenga?" Tinene kuti mwana wa pa mpando 3 amawengedwa ndi mtedza. Apa woperekera ayenera kukumbukira kuti masamba otendera amaphikidwa ndi nsinjiro. Amalemba zimenezo m'zilembo zikuluzikulu, amakauzanso wophika pakamwa. Ngati sakudziwa zimene zathiridwa mu ndiwo, kapena ngati nyama ndi ya halaali, yankho lake ndi limodzi: "Ndiloleni ndikafunse kukhitchini." Kulota pa nkhani ngati iyi kungagoneke munthu m'chipatala.

Asanachoke, amawerenga zonse mokweza: "Ndibwereze kuti ndisalakwitse. Bambo, chambo chootcha ndi nsima. Mayi, nkhuku yalokolo ndi mpunga. Mwanayu, nkhuku yokazinga ndi tchipisi, popanda chilichonse cha mtedza. Achimwene, nyama yang'ombe ndi nsima. Ndalondola?" Apa m'pamene achimwene aja angati, "Ayi, ine ndinati mpunga." Cholakwacho chakonzedwa ndi cholembera, chisanadye nkhuni ndi nthawi. Pomaliza amanena zoona zake za nthawi yodikira, makamaka pa chakudya chochedwa kupsa ngati nsomba yootcha.

Nanga zowonjezera? Wophunzira amauzidwa kuti funso lakuti "Pali china?" limangobala yankho lakuti "Ayi, basi." Ndi bwino kutchula chinthu chimodzi chogwirizana ndi chimene munthu wasankha: "Bambo, chambo chootcha chimakoma ndi kachumbali. Ndikubweretsereni?" Ngati chili ndi mtengo wakewake, amautchula pomwepo, chifukwa mlendo amene waganiza kuti n'chaulere amadzakwiya bilu ikafika. Nthawi yake nayo ndi yofunika. Zakumwa zimafunsidwa alendo akangokhala, zodyera pambali potenga oda, tiyi kapena zipatso mbale zitachotsedwa.

Pali malire awiri oyenera kuwasunga. Mlendo akakana, woperekera amati "Chabwino, zikomo," osabwerezanso. Ndipo safunsa ana mwachindunji ngati akufuna ayisikilimu, pakuti kutero n'kupanikiza kholo limene mwina thumba lake silikulola. Amafunsa wamkuluyo motsitsa mawu.

Inu eni malesitilanti, musamuponye wantchito watsopano pakati pa alendo tsiku loyamba. Ayambe watsatira mnzake wozolowera, alawe zakudya za pa menyu, ndipo muloleni kutenga oda yekha pokhapokha kubwereza oda kutamulowa m'magazi.